Dzanja likamasinthasintha pochonga zithunzi za mapepala a mayeso

Vutoli limabwera chaka chilichonse tikalemba moko wa Fomu 4 m'klasita yathu kuno ku Mulanje. Sukulu zathu ndi zotalikirana, ina ili cha ku Limbuli, ina cha ku Chonde, ndipo nyengo ya chiperoni kabaza sayenda bwino m'misewu ya m'minda ya tiyi. Choncho mapepala sitinyamula. Aphunzitsi amawajambula pa foni nkutumiza pa WhatsApp, ndipo wochonga aliyense amapatsidwa funso limodzi la ana onse. Cholinga chake nchabwino: funso limodzi, dzanja limodzi. Koma dzanja limodzilo la Lachisanu madzulo si lomwe limachonga Lamlungu masana, ndipo mwini wake samva pamene lasinthira.

Ndilongosola ndi funso limene ndinachonga ndekha. Linali la Jogalafe, la malikisi 6, lofuna kuti mwana afotokoze momwe mvula ya m'mapiri imapangikira. Mapepala anali 240 ochokera m'sukulu zisanu. Mlozo wochongera, umene ambiri timangoti sikimu, unkapereka malikisi amodzi pa mfundo iliyonse: mphepo yachinyontho ifika paphiri, ikakamizika kukwera, izizira pokwerapo, nthunzi isanduka timadontho nkupanga mitambo, mvula igwa mbali yoyang'ana mphepo, kenaka mpweya utsika mbali inayo uli wouma ndi wofunda. Mwana wa kuno amaziona ndi maso ake, chifukwa mbali ya phiri kumene kuli minda ya tiyi imalandira mvula yambiri kuposa chigwa cha Phalombe. Funso looneka losavuta, koma linandizunguza sabata yathunthu.

Zimene ndikulembazi ndi za mayeso a pasukulu ndi a moko. Mayeso a MANEB ali ndi malamulo awo, ndipo mapepala ake sajambulidwa pa foni ya munthu.

## Musanaike malikisi pa pepala loyamba

Pali zinthu zitatu zimene ndizitchula kawirikawiri m'munsimu, ndiye ndiyambe nazo.

Choyamba ndi mapepala a muyezo. Werengani mapepala 20 ochokera m'sukulu zonse osachonga. Pakati pawo sankhani asanu: lina loyenera 1, lina 2, lina 3, lina 4, lina 6. Pa lililonse lembani chifukwa chake mfundo ndi mfundo. Awa ali ngati miyala ya sikelo, mumabwererako nthawi iliyonse mukakayika.

Chachiwiri ndi kope la zigamulo. Nthawi iliyonse mwana akalemba chinthu chimene mlozo sunatchule, lembani nambala ya pepalalo, mawu a mwanayo ndi chimene mwagamula.

Chachitatu ndi mapepala a nyambo. Ubwino wa chithunzi ndi woti chimakopedwa ndipo sichikhala ndi inki yofiira. Sankhani mapepala 10 a pakatikati, muwachonge mosamala pamodzi ndi mnzanu, kenaka mnzanuyo awakope, awapatse manambala ena ndi kuwabisa m'mitolo yanu. Mtolo uliwonse ukhale wa mapepala 20, nyambo ziwiri mkati mwake. Malikisi a nyambozo asunge ndi mnzanuyo, kuti aziwayerekeza ndi amene inu mwapereka pochonga nyambozo osazizindikira.

## Chizindikiro 1: Malikisi akutsika kapena kukwera pamene mukupita patsogolo

Ili ndiye vuto lalikulu. Ine mapepala 60 oyamba anapeza avereji ya 3.8, pamene 60 omaliza anapeza 2.9. Poyamba ndinadziuza kuti sukulu yomalizayo ndi yofooka basi.

Chimene chimayambitsa kawirikawiri: mwasintha lamulo m'mutu osalemba. Ana ambiri pa mfundo yachinayi ankangolemba kuti mitambo imapangika, osanena kuti nthunzi yasanduka timadontho, osatchulanso liwu la m'buku lija la kondenseshoni. Lachisanu ndinkawapatsa malikisi, poganiza kuti mwana akudziwa chimene akunena. Nditafika cha pa pepala la 70, nditaona ana angapo amene anafotokoza bwinobwino, mtima unandiuza kuti enawo akulandira zaulere. Ndinasiya kupereka. Sindinalembe paliponse, ndipo kunena zoona sindinadziwe kuti ndasiya.

- Poyesa: tengani mapepala 10 a mu mtolo woyamba, bisani malikisi amene munapereka, muwachongenso lero. Ine mwa 10, asanu ndi awiri anatsika ndi malikisi amodzi, onse pa mfundo imodzimodziyo. Kusiyana kukakhala kolowera mbali imodzi komanso pa mfundo imodzi, ndiye kuti lamulo linasuntha.
- Pokonza: gamulani lamulo limodzi, mulilembe m'kope, kenaka bwererani ku mapepala onse amene munachonga lamulolo lisanakhazikike. Simufunika kuwerenganso yankho lonse, yang'anani mfundo yokhayo. Ine ndinagamula kuti mawu oti mitambo imapangika paokha sakwanira, pokhapokha mwana atasonyeza kuti nthunzi yasanduka madzi, kaya ndi liwu la m'buku kaya ndi mawu akeake. Kubwerera pa mapepala 70 kunanditengera ola limodzi ndi theka.

Kuti kubwererako kutheke, musamalembe chiwerengero chonse chokha. Lembani mfundo iliyonse payokha, monga 1-1-0-1-1-0. Mukangolemba 4, mawa simudzadziwa kuti 4 ameneyu anachokera pati, ndipo mudzayenera kuchonganso pepala lonse.

Chachiwiri: kutopa. Kutopa sikugwira anthu mofanana. Ena akatopa dzanja limauma, saonanso mfundo imene mwana waibisa pakati pa chiganizo chachitali. Ena limafewa, akangoona liwu lodziwika amapereka malikisi osawerenga ngati mwana waligwiritsa ntchito molondola. Kuwerenga zolemba pamanja pa sikirini kumatopetsa maso msanga kuposa pepala.

- Poyesa: lembani nthawi imene mwayamba ndi kumaliza mtolo uliwonse. Mukaona kuti mtolo umene unkatenga mphindi 40 tsopano ukutenga 20, si kuti mwakhala katswiri, mwayamba kudumpha mizere.
- Pokonza: mitolo iwiri, kenaka imirirani mphindi khumi. Ine sindipitirira mitolo inayi tsiku la sukulu. M'mawa uliwonse, musanatsegule mtolo watsopano, werengani mapepala a muyezo aja ndi kope la zigamulo. Zimatenga mphindi zisanu zokha.

Chachitatu: sukuluzo zikusiyanadi. Izi zimatheka, ndipo nchifukwa chake kuchonga sukulu imodzi mpaka kumaliza musanayambe ina nkoopsa. Malikisi akatsika simungadziwe ngati atsika ndi ana kapena ndi inu, ndipo dzanja lanu likauma Lamlungu, sukulu imodzi yokha ndi imene ivulale.

- Pokonza: sakanizani mapepala musanayambe. Ngati muli ndi laputopu, lembani manambala a mapepala onse mu Excel, pambali pa nambala iliyonse ikani chilinganizo ichi, kenaka sanjani mizere potsatira manambala amene atuluke:

```
=RAND()
```

Ngati mulibe, tengani mapepala anayi kuchokera kusukulu iliyonse mwa zisanuzo, akwane 20 pa mtolo.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya avereji. Mitolo ya mapepala 20 imasiyana yokha ngakhale wochonga asanalakwitse kanthu. Pa funso la malikisi 6, mtolo wina kupeza 3.2 wina 3.6 si nkhani yodetsa nkhawa, ndipo musayambe kufewetsa dzanja kuti manambala afanane. Chodetsa nkhawa ndi mitolo itatu kapena inayi yotsatizana kutsetsereka mbali imodzi, makamaka nyambo nazo zikamaloza komweko.

## Chizindikiro 2: Mayankho ofanana apeza malikisi osiyana

Izi zimaululika mochititsa chisoni, ana awiri akaika mapepala awo pamodzi nkubwera kudzafunsa kuti, "Aphunzitsi, apa ine ndalakwa pati?"

Kawirikawiri: pepala lapitalo lakukokani. Yankho la pakatikati likabwera pambuyo pa la 6 limaoneka lopanda kanthu. Lomwelo likabwera pambuyo pa mapepala atatu opanda mutu limaoneka ngati la mwana wanzeru. Pa nyambo zanga, pepala limodzi limene tinagwirizana kuti ndi la 3 ndinalipatsa 2 pamene linatsatira yankho labwino kwambiri, ndipo ndinalipatsa 4 tsiku lina. Mawu ake anali omwewo.

- Poyesa: mukakumana ndi pepala labwino kwambiri kapena loipa kwambiri, ikani kadontho pa nambala ya lotsatira lake. Pamapeto pa mtolo onaninso okhala ndi timadonthowo.
- Pokonza: musadzifunse ngati yankholi ndi labwino. Funsani mafunso asanu ndi limodzi a mu mlozo, limodzi ndi limodzi: mphepo yachinyontho ilipo? Kukwera kulipo? Mukayerekeza, yerekezani ndi pepala la muyezo, osati limene mwangolitseka.

Chachiwiri: kalembedwe ndi Chingerezi. Mwana wolemba mwaukhondo, Chingerezi chosalala, amatha kudzaza theka la tsamba ndi mfundo ziwiri zokha, ife nkumupatsa 4. Wina walemba mizere isanu yokhotakhota, galamala yothyoka, koma mfundo zisanu zilimo. Ngati mlozo sunapereke malikisi pa chiyankhulo, musalange chiyankhulo. Ndinalemba m'kope mwanga kuti kulakwitsa sipelo sikuchotsa malikisi ngati liwulo likuzindikirika ndipo silinasanduke liwu lina la tanthauzo lina. Mwana wosokoneza mbali yoyang'ana mphepo ndi mbali ya kuseri walakwa mfundo, ameneyo sapeza. Wolemba liwu lolondola ndi chilembo chimodzi chosowa apeze.

Chachitatu: mukumudziwa mwanayo kapena sukulu yake. Ana anga ndimawadziwa ndi zolemba zawo, ndipo ndikawerenga yankho lawo ndimamva zimene ndinaphunzitsa m'kalasi ngakhale sanazilembe. Pemphani kuti ojambula aphimbe dzina ndi kapepala kolembedwa nambala asanajambule. Chithunzi chikachokera pa WhatsApp, musachongere m'macheza momwemo, chifukwa dzina la wotumiza lili pamwamba pomwepo. Chotsani zithunzi zonse muike mu foda imodzi, ndipo mayina ngati `IMG-20240614-WA0032.jpg` muwasinthe akhale `001`, `002`, mpaka kumapeto.

## Chizindikiro 3: Zithunzi zosaoneka bwino zikupeza malikisi ochepa

Apa mwana amalangidwa chifukwa cha foni ya mphunzitsi wake. Sukulu ina inajambula madzulo m'ofesi magetsi atazima, ndi tochi ya foni ina. Pakati pa tsamba panali powala, m'mbali muli mdima. Mwana wina analemba ndi pensulo, ndipo mzere wake womaliza, wonena za mpweya wouma wotsika kuseri kwa phiri, unagwera mu mthunzi wa chala cha wojambula. Ndinamupatsa 4. Pepala litajambulidwanso panja m'mawa, linali la 5.

Poyesa, lembani chilembo pambali pa pepala lililonse limene munavutika kuliwerenga, kenaka yerekezani avereji ya amenewo ndi ya enawo. Ikakhala yotsika kwambiri, kaikirani zithunzizo musanakaikire ana.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Chithunzi chafinyidwa potumiza. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, ndipo timizere tating'ono ta bolopeni timafufutika mukachikulitsa. Uzani otumiza asankhe `Document`, kapena `HD` ngati bandulo ndi yochepa.
- Kuwala ndi mthunzi. Ajambule masana pafupi ndi windo kapena pakhonde, pepala litagona pathebulo, foni ili pamwamba pake molunjika, osayatsa fulashi.
- Tsamba ladulidwa kapena yankho lapitirira kuseri. Ngodya zonse zinayi za pepala zizioneka. Yankho likathera pakati pa chiganizo, ganizani kuti pali tsamba lina limene silinatumizidwe.
- Sikirini yanu. Pa foni mumaona mizere itatu nthawi imodzi, ndipo pofika mzere wachisanu ndi chimodzi mwaiwala woyamba. Bwerekani laputopu kapena tabuleti ngati nkotheka. Ngati sizitheka, igonekeni foni cham'mbali ndipo mapepala onse muwachongere pa chipangizo chimodzimodzi.

Lamulo langa pano ndi loti pepala limene sindingathe kuwerenga liwu lofunika sindilichonga mongoganizira, kaya mokomera mwana kaya momupondereza. Ndimaliika mu foda ya zodikira nkupempha chithunzi china. Mwa 240 aja, 18 analowa m'foda imeneyi, ndipo 11 anali a sukulu imodzi.

## Chizindikiro 4: Pafupifupi aliyense akupeza 3 kapena 4

Werengani kuti 0, 1, 5 ndi 6 mwapereka kangati. Ngati m'mitolo yoyamba ankapezeka koma tsopano asowa, ndiye kuti mwayamba kuchonga ndi diso, osati ndi mlozo. Kawirikawiri kumakhala kutopa komweko, kapena mantha opereka malikisi onse poopa kufunsidwa. Mwana amene walemba mfundo zonse zisanu ndi imodzi apatsidwe 6, ndipo amene wangojambula phiri popanda muvi kapena mawu apatsidwe 0. Kubwerera ku kalembedwe ka 1-1-0-1-1-0 kumathetsa izi msanga. Nthawi zina ana ambiri amakhaladi pakati chifukwa onse sanaphunzire mfundo ziwiri zomaliza, ndipo zimenezi zimaoneka poti maziro onse amakhala pamalo amodzi.

## Chizindikiro 5: Mwagawana mapepala ndi mnzanu ndipo malikisi sakugwirizana

Nthawi ikathina timagawana, ngakhale kuti sizinayenera kutero. Mapepala 80 omaliza a funso lina ndinagawana ndi mayi wina wophunzitsa ku sukulu yoyandikana nafe. Titasinthana mapepala 10 kuti tione, tinasiyana pa asanu ndi limodzi, ndipo pa onsewo iwo anali pamwamba ndi malikisi amodzi. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mwana akajambula chithunzi cholondola osalemba chiganizo, inu mukumupatsa?" Ine sindinkapereka, iwo ankapereka. Mlozo sunanene kanthu za zojambula.

Choyambitsa chachikulu ndi chimenecho, mlozo uli chete ndipo aliyense wadzaza yekha. Chachiwiri ndi choti wina ndi wowolowa manja mwachibadwa pa mfundo zonse. Njira yosiyanitsira ndi kuona pamene mwasiyanirana: pa mfundo imodzi, vuto ndi lamulo; ponseponse, vuto ndi dzanja.

- Chongani mapepala 10 omwewo aliyense payekha musanagawane, kenaka kambiranani pepala lililonse limene mwasiyana.
- Kope la zigamulo likhale limodzi. Wina akagamula chinthu chatsopano, atumize kwa mnzake nthawi yomweyo.
- Musathetse kusiyana potenga pakati. Wina 3 wina 5 sizitanthauza kuti yankho ndi la 4, mmodzi wa inu waona chinthu chimene mnzake sanaone.
- Musawonjezere malikisi amodzi kwa ana onse a wochonga woumirayo. Si ana onse amene anakhudzidwa ndi mfundo imene munasiyanapo.

## Nthawi yoimitsa ntchito ndi kuitana akuluakulu

Pali pamene kudzikonza wekha kumangowonjezera chisokonezo. Siyani kuchonga, ndipo lankhulani ndi mkulu wa dipatimenti, wolemba funsolo, kapena mphunzitsi amene anachongapo mayeso a MANEB, mukaona izi:

- Nyambo zitatu zotsatizana zaphonya molowera mbali imodzi, kapena imodzi yaphonya ndi malikisi 2, ngakhale mwapuma ndi kuwerenganso mapepala a muyezo.
- Ana ambiri akupereka yankho lolondola limene mulibe mu mlozo, kapena mukuona kuti mlozowo uli ndi cholakwika. Kusintha mlozo si udindo wa wochonga mmodzi.
- Funsolo likumveka pawiri, ndipo sukulu yathunthu yayankha mbali inayo.
- Zithunzi zosawerengeka zachuluka kusukulu imodzi, kapena chiwerengero cha zithunzi sichikugwirizana ndi cha ana amene analemba. Pamenepo pafunika mapepala enieniwo.
- Mapepala angapo akufanana liwu ndi liwu mpaka zolakwika zomwe, kapena pakuoneka kuti wina analembapo mayeso atatha. Musachotse malikisi mwa inu nokha ndipo musaitulutse nkhaniyo pagulu la WhatsApp. Lembani manambala ake mupereke kwa woyang'anira mayeso.
- Mwazindikira pepala la mwana wanu kapena wachibale. Lipite kwa wina.

Popita kwa akuluakuluwo tengani kope la zigamulo, mapepala a muyezo, malikisi a mfundo ndi mfundo, ndi nambala ya pepala limene munayamba kukayikira, kuti adziwe poyambira kubwereza. Malikisi asatumizidwe kusukulu mpaka mtolo woyamba utachongedwanso ndi lamulo lomaliza. Nthawi yomva madandaulo a ana ikatha, fufutani zithunzizo mu foni, mu laputopu ndi m'macheza a WhatsApp momwe zinadzera.